Tsiku Limene Aliyense Analembedwa Ntchito, Kupatula Ife

Ambiri a ife tikukumbukira bwino masiku aja a mu Julayi 2022, pamene boma linatulutsa mayina a aphunzitsi amene linawalemba ntchito. Kuno kwa Kapichila netiweki siigwira mofanana paliponse, choncho anthu anasonkhana pamalo odziwika aja pamene foni imagwira bwino, aliyense akufufuza dzina lake kapena la m'bale wake pa mndandanda wautali umene unali kuzungulira pa WhatsApp. Mayina anali 30,496. Anali ambiri ndithu, ndipo mabanja ochuluka anapuma tsiku limenelo. Koma amene anafunsira ntchitoyo anali oposa 100,000. Ndiye kuti pa anthu khumi alionse amene anapereka makalata, atatu anakondwa ndipo asanu ndi awiri anagona ndi chisoni.

Tsopano kumbukirani zimene tinaona pa Facebook usiku umenewo ndi mlungu wonse wotsatira. Zithunzi za mndandanda, dzina atalizunguliza ndi mzere wofiira. Mavesi othokoza Mulungu. Anthu atavala magauni awo a ku koleji, amayi awo ataima pambali akumwetulira. Ukatsitsa chala, wina. Ukatsitsanso, wina. Munthu wongoyang'ana foni akanalumbira kuti aliyense m'Zambia walembedwa ntchito. Asanu ndi awiri aja sanaoneke paliponse. Palibe amene anajambula mndandanda n'kulemba kuti, "Ndafufuza katatu, dzina langa mulibe." Iwo anangokhala chete, ndipo aliyense wa iwo, ali yekha pamphasa yake, anaganiza kuti wotsala ndi iye yekha.

Apa ndi pamene pali nkhani yathu. Timamva kawirikawiri kuti za pa foni n'zabodza, anthu amabwereka galimoto n'kujambulitsa. Zoterezo zilipo, koma si zimene zimatipweteka kwambiri. Aphunzitsi aja sananame, analembedwadi ntchito, ndipo anali ndi ufulu wonse wokondwera. Chimene foni inatinamiza ndi chiwerengero. Inationetsa opambana onse, n'kubisa otsala onse, ndipo ife tinadziyeza ndi muyezo wokhotawo n'kudzipeza operewera. Kuwonongeka kumene kumatsatira sikuchita phokoso. Munthu salira pagulu. Amangoyamba kudzichotsa pang'onopang'ono pa zinthu zimene zinali kumuimika.

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timaidziwa bwino ntchito yodula mawu. Timapita kumudzi ndi chojambulira, n'kucheza ndi mlimi wa soya kwa mphindi makumi anayi. M'menemo muli chifuwa, muli mbuzi ikulira, muli pamene waiwala chimene amafuna kunena, muli pamene wadandaula za mavenda ndi sikelo zawo mpaka mawu kunjenjemera. Tikabwerera timadula, ndipo pa wailesi pamamveka mphindi zitatu zokha, zosalala. Womvera amati, "Koma bambo aja amadziwa kulankhula!" Sitinawonjezere liwu ngakhale limodzi, komabe munthu wa pa wailesi uja si yemwe tinakhala naye pansi pa mtengo wa mango. Aliyense amene ali ndi foni masiku ano amachita ntchito yomweyi pa moyo wake. Amajambula zithunzi khumi ndi zisanu, n'kuika chimodzi. Amakhala chaka chathunthu, n'kutionetsa masiku atatu. Vuto n'lakuti moyo wathu ife eni timaumva wosadula, ndi chifuwa chonse ndi mbuzi zonse, pamene wa anzathu umatifika utadulidwa kale.

Tiyeni tichiteko masamu pang'ono, osavuta. Tinene kuti muli ndi anzanu 730 pa Facebook, zimene si zachilendo kwa wachinyamata amene wadutsa kusekondale, kutchalitchi ndi kukoleji. Tinenenso kuti aliyense wa iwo amakhala ndi tsiku limodzi lokha lalikulu pachaka: ukwati, ntchito yatsopano, mwana wabadwa, ulendo wa ku Joni, njinga yamoto yatsopano. Chaka chili ndi masiku 365. Mukagawa, mupeza kuti tsiku lililonse anthu awiri ali pachikondwerero, ndipo pamlungu ndi anthu khumi ndi anayi. Inunso muli ndi tsiku lanu limodzi pachaka, chimodzimodzi ndi aliyense wa iwo. Simunatsalire ngakhale pang'ono. Koma mtima suwerenga motero. Umasonkhanitsa anthu 730 aja n'kuwasandutsa munthu mmodzi wotchedwa "anzanga", amene amakwatira Loweruka, kulembedwa ntchito Lolemba, kukwera ndege Lachitatu, pamene inu mukupalira nsawa. Munthu ameneyo kulibe, koma ndi amene timapikisana naye usiku uliwonse.

Pamwamba pa izi, foniyo imasankhanso. Facebook, TikTok ndi Instagram sizitionetsa zinthu monga mwa nthawi imene zinalembedwa. Zimakankhira patsogolo zimene anthu ambiri azikonda, kuziyankha kapena kuimapo nthawi yaitali. Chithunzi cha munthu amene walembedwa ntchito chimalandira mayamiko mazana, choncho chimakwera pamwamba n'kukhalapo masiku angapo. Uja amene walemba kuti lero anali kumunda amayankhidwa ndi anthu atatu, ndipo nkhani yake imamira. Kudula kumachitika kawiri: mwini wake amadula, makinawo n'kudulanso.

Kudziyerekeza ndi ena sikunabwere ndi foni. Katswiri wina wa za maganizo a anthu wa ku America, Leon Festinger, analemba mu 1954 kuti pamene palibe sikelo yeniyeni yoyezera luso lathu, timadziyeza poyang'ana anthu ena, makamaka amene tikufanana nawo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imaluma. Palibe wa ife amene amasowa tulo chifukwa Barbra Banda akusewera mpira ku America kapena chifukwa Yo Maps wadzaza bwalo. Amenewo timawanyadira, ali kutali ndi ife. Chimene chimatigoneka chagada ndi mnzathu amene tinali kukhala naye benchi imodzi mu Giredi 9, amene tinali kumuthandiza masamu, lero wajambulitsa atavala baji pakhosi mu ofesi ya ku Lusaka. Mtima umati: tinayambira pamodzi, ndiye ngati iye wafika ine sindinafike, vuto lili mwa ine.

Makolo athu nawonso anali kudziyerekeza. Munthu anali kuyang'ana nkhokwe ya mnansi wake n'kuona kuti yadzaza kuposa yake. Kusiyana kwake n'kwakuti anali kudziwanso zina zonse za mnansiyo. Anali kudziwa kuti ali ndi ng'ombe zolimira zimene anasiyiridwa ndi malume ake, kuti mwana wake wa kumigodi anatumiza ndalama za feteleza, kuti chaka chatha anaika maliro awiri. Nkhokwe inali kuoneka pamodzi ndi mbiri yake. Foni imatipatsa nkhokwe yokha. Sitiona amene analipira koleji, sitiona zaka zisanu zimene munthuyo anadikira, sitiona azakhali amene anamusunga ku Chipata pamene anali kufunafuna ntchito. Mipata yonse imene chithunzi chasiya timaidzaza ndi chiweruzo chodziweruza tokha.

Kuti zimveke bwino, tikuuzeni za mlongo wathu wina amene tinali kugwira naye ntchito yodzipereka pa wailesi. Watilola kufotokoza nkhani yake, koma dzina tasunga. Ali ndi dipuloma ya uphunzitsi wa pulayimale, ndipo pofika 2022 anali atadikira ntchito zaka zingapo. Sanali kungokhala. Masana anali kuphunzitsa ana 14 a Giredi 7 pakhonde la nyumba ya amayi ake, ndipo kholo lililonse linali kumupatsa K50 pamwezi, zonse pamodzi K700. Anali ndi kamunda ka nsawa. Loweruka anali kuyendetsa pulogalamu ya ana, ndipo ana a m'midzi yozungulira anali kumudziwa ndi mawu asanamuone nkhope. Mukanamufunsa mu Juni chaka chimenecho kuti moyo uli bwanji, akanakuuzani kuti ndi wovuta koma ukuyenda.

Dzina lake silinatuluke. Chimenecho pachokha chinali chowawa, ndipo palibe foni imene tingaiimbe mlandu. Koma onani zimene zinatsatira. Mu gulu la WhatsApp la amene anaphunzira nawo kukoleji munali anthu pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Amene analembedwa sanafike makumi awiri, koma kwa milungu itatu ndi iwo okha amene anali kulankhula: makalata a ntchito, masukulu amene atumizidwa, zithunzi ali m'basi ndi matiresi pamwamba. Otsalawo, amene anali ambiri, anali zii. Mlongo wathu anali kuwerenga zonsezi usiku mpaka batire kutha. Mlungu wachinayi anatuluka m'gululo.

Chotsatira chinali khonde lija. Ntchito imene mwezi wapitawo inali kumupatsa ulemu inayamba kumuoneka ngati chizindikiro cha kulephera. Anzake ali ndi kalasi, bolodi ndi malipiro a boma, iye ali ndi ana okhala pa matumba. Anauza makolo kuti wayamba wapuma. Anawo anali atatsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso, ndipo K700 ija inatha pomwepo. Kenako anayamba kujomba pa wailesi. Loweruka loyamba anati mutu, lachiwiri anati kuli maliro, lachitatu foni inangolira osayankhidwa. Pambuyo pake anatiuza chifukwa chenicheni: anali kuopa kuti womvera wina aimba n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga inu akutumizani kuti?"

Mu Novembala anachita chinthu chimene ambiri a ife tachitapo m'njira zosiyanasiyana. Anatopa ndi kukhala wosaoneka, ndipo anafuna kuti nayenso aoneke. Anatenga kaloba wa K1,000, woti abweze K1,500 pakutha kwa mwezi. Anagula diresi ndi nsapato, anakonzetsa tsitsi, anakwera kupita ku boma, n'kukajambulitsa pa Castle Hotel, nyumba ija ya m'nthawi ya atsamunda imene yakhala ikukongoletsa zithunzi za theka la achinyamata a mu Lundazi. Pansi pa chithunzi analemba mawu osonyeza kuti zinthu zikuyenda, osanena kuti zinthu zake ziti. Anthu oposa 200 anachikonda. Akuti anamva bwino kwa masiku awiri. Mwezi utatha analibe pogwira, popeza ana aja anali atawabalalitsa, ndiye anagulitsa nsawa zimene anasunga kuti zikhale mbewu, mvula ili pafupi kugwa. Pa nthawi yomweyo sukulu ina yosakhala ya boma inali kufuna mphunzitsi, ndipo uthengawo unaikidwa m'gulu lija la WhatsApp limene iye anatulukamo. Anaumva malowo atatengedwa kale.

Tawerengani zimene zinatayika m'miyezi isanu: ndalama ya mwezi ndi mwezi, mbewu ya chaka, K500 ya chiwongoladzanja, mwayi wa ntchito, ndi mawu ake pa wailesi. Mndandanda wa boma unamulanda chinthu chimodzi chokha. Zina zonsezi anazitula yekha, chimodzichimodzi, chifukwa anali atakhulupirira kuti munthu wotsala sayenera kuonekera. Palibe tsiku limene anakuwa. Amayi ake anali kungoona ngati mwana wawo wayamba ulesi.

Chimene chinamudzidzimutsa chinali chaching'ono. Mtsikana wina wa kutchalitchi, amene Giredi 12 sinamuyendere bwino, anamupeza pachitsime n'kumuuza kuti, "Asisi, ndinaona chithunzi chanu. Inu ndiye zanu zinayera kale. Ife tikaona zotere timangodziona ngati zinyalala." Mlongo wathu akuti anasowa chonena. Chithunzi cha ngongole, chimene anachijambulitsa pofuna kubisa bala lake, chinali chitapita kukabaya mwana wa eni. Umu ndi mmene matendawa amayendera pakati pathu. Wopwetekedwa amaika chithunzi kuti apume, chithunzicho n'kupweteka wina, winayo n'kuika chake. Tonse ndife odwala, tonse ndife ofalitsa.

Tikudziwa kuti ena atsutsa. Adzati kuona anzako akupambana kumalimbikitsa, ndipo munthu wosayang'ana ena amagona. Pali choona pamenepo. Ena a ife tinaphunzira kuweta nkhuku, kusoka kapena kufunsira maphunziro chifukwa tinaona mnzathu atachita. Chosiyanitsa ndi funso limene limabwera m'mutu ukaona chithunzicho. Ngati funso ndi lakuti, "Anachita bwanji, ndipo ndingamufunse?", kuyerekezako kukupatsa njira. Ngati funso ndi lakuti, "Kodi ine ndinalakwa chiyani?", kukukumbira dzenje. Funso loyamba limakutumiza kwa munthuyo. Lachiwiri limakuchititsa kumuthawa. Mukafuna kudziwa mbali imene muli, onani miyendo yanu: kodi mukuyandikira anthu kapena mukuwazemba?

Ena adzati vuto si foni, vuto ndi ulova ndi umphawi. Apanso tikuvomera. Mutazimitsa mafoni onse mu Lundazi, ntchito sizingachuluke ngakhale imodzi, ndipo wachinyamata amene ali ndi satifiketi m'sutukesi ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Koma ulova ndi vuto la dziko, logwera anthu zikwizikwi nthawi imodzi. Chimene foni imachita ndi kulisandutsa manyazi a munthu mmodzi. Anthu 70,000 amene akudziwa kuti ali 70,000 angathe kulimbikitsana, kugawana nzeru, ngakhale kufunsa atsogoleri mafunso ovuta. Anthu 70,000 amene aliyense akuganiza kuti watsala yekha amangobisala m'nyumba.

Palinso chitonthozo china chimene timapatsana chimene ife tikuona kuti sichithandiza. Mnzathu akadandaula timamuuza kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, usawasirire, akuvutika mobisa. Mwambiwo ndi wanzeru, koma ukaugwiritsa ntchito motere umatiphunzitsa kupeza mtendere pokhapokha titakhulupirira kuti anzathu akuvutika. Tsiku limene tidzapeze kuti nkuyu wina ulibe nyerere, kuti mnzathuyo akusangalaladi, tidzagwanso. Ndipo munthu amene amadikira nyerere m'moyo wa mnzake wayamba kale kusanduka munthu amene iye mwini sangamukonde. Mtendere wolimba umachokera poona moyo wa mnzako wathunthu, zabwino ndi zovuta, n'kuleka kuuyesa sikelo ya moyo wako.

Ofufuza ayesapo kuyeza zimenezi. Mu 2018, pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, anatenga ophunzira 143 n'kuwagawa pawiri. Gulu limodzi linapitiriza monga mwa masiku onse. Linalo linauzidwa kuti lisapitirire mphindi khumi patsiku pa chilichonse mwa Facebook, Instagram ndi Snapchat, kwa milungu itatu. Pamapeto, a gulu lachiwirili anachepa kusungulumwa ndi kupsinjika maganizo, makamaka amene anayamba ali opsinjika kale. Mu 2021, Frances Haugen, amene anali kugwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Chimodzi chinali kunena kuti atsikana 32 pa 100 alionse amene anafunsidwa anati akakhala kuti sakukondwa ndi matupi awo, Instagram imawonjezera kusakondwako. Tisakokomeze. Awa ndi achinyamata a maiko ena, a moyo wosiyana ndi wathu, ndipo si aliyense amene foni imamuvulaza mofanana. Koma pali chinthu chimodzi chimene chikugwirizana ndi zimene taona ndi maso athu: foni imabaya kwambiri pamene pali kale bala. Munthu yemweyo, chithunzi chomwecho, tsiku limene wagulitsa bwino soya amangodutsa, koma tsiku limene dzina lake silinatuluke chimamulasa.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti zayamba kumudya? Musayang'ane kuchuluka kwa bandulo yokha, popeza wina amatha maola akugulitsa salaula pa sitetasi ndipo ali bwinobwino. Yang'anani izi. Mumatsegula foni muli bwino, n'kuitseka mutalemedwa, koma simungatchule chimene chachitika. Pali anthu awiri kapena atatu amene mumapita dala kukaona masamba awo, ngakhale mukudziwa kuti mubwerako mutapwetekeka. Ntchito imene kale munali kuitchula momasuka, kaya kuwotcha njerwa, kukazinga vitumbuwa kapena kuyendetsa njinga yamoto, tsopano mumaibisa mukakumana ndi anzanu akale. Mwayamba kupeza zifukwa zosapitira ku ukwati, ku kwaya kapena ku mpira. Mwagulapo chinthu ndi ndalama yobwereka, chifukwa chachikulu chili chithunzi. Ngati ziwiri kapena zitatu mwa izi mwazizindikira, si nsanje wamba ya tsiku limodzi. Muyezo wokhota uja wayamba kukulamulirani zochita.

Sitikuuzani kuti mutaye foni. Ndi momwe timalandirira ndalama, momwe timamvera za ntchito, momwe timalankhulira ndi abale a ku Kitwe ndi ku Lilongwe. Mlongo wathu anataya mwayi chifukwa chotuluka m'gulu, osati chifukwa chokhalamo. Chofunika ndi kutseka pamene pakudontha, osati kugwetsa nyumba. Pa Facebook, mukadina timadontho titatu pamwamba pa zimene munthu walemba, mupeza Snooze, imene imabisa zolemba zake kwa masiku 30, ndi Unfollow, imene imazibisa mpaka mutasintha maganizo. Munthuyo sauzidwa, ndipo ubwenzi wanu umakhalapobe. Pa WhatsApp mungathe kubisa sitetasi ya munthu, komanso kuletsa gulu kulira popanda kutulukamo, n'kumalitsegula kamodzi patsiku, masana, kuti muone ngati muli uthenga wa ntchito. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing, pamene mungaone mphindi zimene mwatha pa chilichonse n'kudziikira malire. Ndipo pa masiku amene mukudziwa kuti bala lili poyera, monga pamene zotsatira za mayeso zatuluka, pamene mayina a ntchito alengezedwa, kapena pa Khirisimasi pamene a m'tauni abwera, foni igone kutali ndi mphasa. Maganizo a pakati pa usiku sachitira munthu chilungamo.

Chachiwiri ndi chizolowezi cha m'mutu. Mukaona wopambana, dzifunseni kuti, "Pa anthu angati?" Amene wapita kunja ndi maphunziro aulere, anafunsira angati? Amene bizinesi yake yakula, anayamba angati chaka chomwecho? Funsoli silichepetsa chipambano cha mnzanu. Limangobwezera pa chithunzi anthu amene anadulidwa, ndipo pakati pa odulidwawo mudzapeza kuti muli ndi anzanu ambiri.

Chachitatu ndi chimene chinathandiza mlongo wathu koposa zonse, ndipo ndi chovuta: kumuimbira munthu amene chithunzi chake chikukupwetekani. Iye anaimbira mnzake amene anatumizidwa ku sukulu ina yakutali. Anacheza mpaka tokutaimu kutha. Mnzakeyo anali wokondwa ndi ntchito yake, zimenezo sanabise. Anafotokozanso za kalasi yodzaza, za nyumba yodontha, za kusowa mwana wake amene anamusiya kwa agogo. Kenako anafunsa kuti, "Nanga ana ako a pakhonde aja? Ine njira yako ija yophunzitsira kuwerenga ndi imene ndikugwiritsa ntchito kuno." Munthu amene kwa miyezi isanu anali chiweruzo m'foni anasandukanso mnzake wa kukoleji. Chithunzi sichingakufunse za ana ako a pakhonde. Munthu angathe.

Pali malire a zimene malangizo otere angachite. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, palibe chimene chikukukondweretsani, kapena mwayamba kuganiza kuti bwenzi kulibwino mutachoka padziko, nkhaniyo yapitirira pa Snooze. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala mukafotokoze monga mmene mungafotokozere malungo. Ndi matenda, ndipo amathandizika. Ife enanso tisadikire kuti munthu alire. Mnzathu akayamba kujomba, kusiya zimene anali kukonda, kuyankha mauthenga ndi liwu limodzi, tipite kunyumba kwake ndi miyendo. Ife tinachedwa kupita kwa mlongo wathu chifukwa tinaona chithunzi cha pa Castle Hotel n'kuganiza kuti ali bwino.

Tili ndi mbali inanso, ya ife olemba ndi oika zithunzi. Sitikunena kuti munthu abise chimwemwe chake. Mukalembedwa ntchito, kondwerani, tidzavina nanu. Koma mungathe kuwonjezera chiganizo chimodzi choona: kuti munafunsira kanayi, kuti munadikira zaka zisanu mukugulitsa tomato, kuti achimwene anu anagulitsa ng'ombe. Chiganizo chimenecho sichikuchotserani kanthu, koma kwa wina amene akuwerenga mumdima chimasintha chithunzi chanu kuchoka pa chiweruzo n'kukhala njira. Pa wailesi taphunzira kuti nthawi zina kusiya chifuwa chimodzi m'mawu a mlimi ndi kumene kumachititsa omvera kumukhulupirira.

Mlongo wathu sanalembedwebe ntchito ya boma. Tikanakonda kukuuzani zina, koma nkhani yake ndi imeneyo. Kaloba anamaliza kubweza, mbewu ya nsawa anachita kupempha kwa azakhali ake, ndipo anabwerera m'gulu la kukoleji. Atabwerera analemba uthenga umodzi wofunsa kuti ndani winanso amene anatsala. Anayankha anthu oposa makumi atatu, ena a iwo kwa nthawi yoyamba chichokere Julayi uja. Ana a pakhonde anabwerera, si onse, koma okwanira kudzaza matumba. Loweruka lina womvera anaimbadi n'kufunsa funso lija limene anali kuliopa: "Aphunzitsi, nanga inu akutumizani kuti?" Iye anayankha kuti, "Sananditumize kulikonse, amalume. Ndili konkuno kwa Kapichila, ndipo Lolemba tili ndi masamu. Mutumize mwana abwere ndi pensulo."